Mfundo zabalalika papepala? Kakonzedwe ka ulaliki kuti ukhale ndi mutu ndi mchira

Alaliki ambiri amene ndawathandizapo kukonza ulaliki amafika ndi zolankhula zambiri kuposa zimene nthawi ingalole. Munthu wawerenga ndime sabata yonse, wapemphera, walemba chilichonse chimene chamugwira mtima, ndiye pofika usiku woti mawa lake alalikire ali ndi pepala la mizere 9 kapena 12, ndipo mzere uliwonse ndi woona. Akaimirira nalo pa gome momwemo, mpingo umamva mawu abwino kwa mphindi 40, koma mukafunsa wina potuluka kuti ulaliki unali wonena za chiyani, amangoti, “Analalikira bwino.” Yankho lotere ndi chizindikiro choyamba chakuti autilaini, yomwe ndi ndondomeko ya mfundo za ulalikiwo, inalibe msana.

Ndikuonetsani mmene mungatengere pepala lotere n'kulisandutsa mawu oyamba, mfundo zitatu, mafanizo ndi pempho lomaliza. Ntchito yaikulu apa ndi yodula, ndipo siyambira kumene ulaliki umayambira. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto, nkhani ya Zakeyu pa Luka 19:1-10.

Tiyerekeze kuti pepala la mlaliki wathu lili motere:

1. Mbiri ya Yeriko, Yoswa ndi kugwa kwa malinga
2. Okhometsa msonkho ankadedwa
3. Zakeyu anali wamfupi, tisanyoze anthu chifukwa cha maonekedwe
4. Anakwera mu mkuyu, tichite khama pofuna Yesu
5. Yesu anamuitana ndi dzina
6. Anthu ong'ung'udza mumpingo
7. Kupereka chakhumi
8. Kubweza zimene tinalanda
9. Yesu anabwera kudzafuna otayika

Sitepe yoyamba: mzere uliwonse upeze ndime yake

Tsegulani Baibulo, werengani ndime zonse khumi mokweza kawiri, kenako pambali pa mzere uliwonse lembani nambala ya ndime imene mzerewo waimapo. Musadzinyengerere. Ngati mukuchita kukoka ndime kuti ifike pamzere, ndiye kuti mzerewo ndi wa ulaliki wina.

Papepala lathu, mzere 7 ukugwa msanga, chifukwa mu ndime khumi zonsezi mulibe pamene atchula chakhumi. Zakeyu akunena za theka la chuma chake lopita kwa osauka, ndi za kubweza kanayi kwa amene anawalanda. Mzere 1 wangogwira dzina la Yeriko pa ndime 1, koma malinga aja anagwa kalekale m'masiku a Yoswa ndipo sathandiza kanthu pomvetsa Zakeyu. Mzere 3 uli ndi ndime yake, inde, koma Luka akutchula msinkhu wa Zakeyu pofuna kufotokoza chifukwa chimene sanathe kuona Yesu m'khamu la anthu. Phunziro lakuti tisanyoze anthu afupi ndi labwino, kungoti silichokera m'nkhaniyi.

Mizere imene mwachotsa musaitaye. Ilembeni patsamba lina, idikire tsiku lake. Ndaona kuti munthu amadula mosavuta akadziwa kuti zimene wadulazo zasungidwa.

Sitepe yachiwiri: chiganizo chimodzi

Apa m'pamene muyenera kukhalitsa, ngakhale ola lathunthu. Musanaganize za mfundo zitatu, nenani ulaliki wonse m'chiganizo chimodzi chimene mungachilankhule ndi mpweya umodzi. “Chipulumutso” si chiganizo, ndi mutu chabe. “Zakeyu ndi Yesu” nawonso ndi mutu. Chiganizo chimanena kanthu kamene munthu angakavomereze kapena kukakana.

Kawirikawiri wolemba amakhala atakusiyirani kale chingwe. Mu nkhani yathu, Yesu mwini akutseka pa ndime 10 ponena kuti Mwana wa munthu anadza kudzafunafuna ndi kupulumutsa chotayika. Ndiye mlaliki wathu, amene anaika mawu amenewa pamzere wotsiriza ngati chongowonjezera, ayenera kuona kuti msana wa nkhani ndi umenewu. Akauphatikiza ndi ndime 8, chiganizo chikutuluka chotere: Yesu amafuna munthu wotayika n'kulowa m'nyumba mwake, ndipo kulowa kwakeko kumaonekera pa zimene munthuyo amachita ndi zinthu za anzake.

Yesani chiganizocho pa munthu wina. Muuzeni kamodzi, mucheze zina kwa kanthawi, kenako mumupemphe abwereze. Akabwereza m'mawu akeake tanthauzo osasintha, chiganizo chagwira. Akayamba ndi “Munanena zambiri ndithu,” bwererani mukachipepuze. Ndipo mukaona kuti muli “komanso” awiri kapena atatu m'chiganizocho, dziwani kuti mwanyamula maulaliki awiri pamutu umodzi. Sankhani.

Sitepe yachitatu: lembani pempho lomaliza tsopano, mfundo zisanabwere

Ambiri zimawadabwitsa, koma ndimalimbikira kwambiri pa ichi. Woyenda ulendo amayamba wadziwa kumene akupita kenako n'kusankha njira. Mlaliki amene sanalembe pempho lake amafika kumapeto atatopa, nthawi yatha, n'kungogwira mawu amene ali pafupi: tiyeni tikhale anthu abwino, tiyeni tilimbike m'chikhulupiriro. Palibe angatsutse mawu amenewa, koma palibenso angadziwe chochita nawo mawa m'mawa.

Pempho labwino limapempha chinthu chimodzi, limachokera m'ndime, ndipo munthu angathe kudziwa ngati wachichita kapena ayi. Pa Zakeyu, mlaliki wathu akhoza kulemba chonchi: “Alipo munthu amene dzina lake lakubwererani mumtima pamene timawerenga ndime 8. Munamulanda, kapena munamukongola n'kungokhala chete, kapena munamuipitsira mbiri. Yesu sakudikira kuti muyambe mwakonza kaye kuti akulandireni, wakuitanani kale. Koma popeza wakuitanani, sabata ino isanathe pitani kwa munthuyo mukabweze.”

Taonani kuti pempholi lasiya kunja zinthu zingapo zabwino. Silinanene za kusiya kung'ung'udza, silinanene za kupereka kwa osauka. Mukapempha zinthu zinayi, womvera amasankha chopepuka kwambiri, kapena sasankha chilichonse. Musalowetsenso mfundo yatsopano m'pempho. Mawu akuti “chinthu china chimene ndinaiwala” akangotuluka pamapeto, anthu amene anali atayamba kudziyang'ana mumtima amabwerera kukhala ongomvetsera.

Sitepe yachinayi: mfundo zitatu zokhala ngati makwerero

Tsopano muli ndi chiganizo ndipo muli ndi pempho. Funso latsala ndi ili: kodi womvera ayenera kukhutira ndi zinthu ziti kuti pempho lija limveke loyenera akalimva? Mayankho a funso limeneli ndiwo mfundo zanu. Papepala lathu patsala mizere 2, 4, 5, 6, 8 ndi 9, ndipo mukaiyang'ana bwino ikudzisonkhanitsa yokha motsatira mayendedwe a nkhani.

Mfundo yoyamba, ndime 1 mpaka 5: Zakeyu ankafuna kungoona Yesu, koma Yesu ndi amene ankamufuna. Apa palowa mizere 4, 5 ndi 9. Taonani mmene mzere 4 wasinthira. Poyamba unkatamanda khama la Zakeyu. Tsopano ukuonetsa kuti khama lonselo linangomufikitsa mumtengo kuti aonerere, ndipo chimene chinasintha tsikulo n'chakuti Yesu anayang'ana m'mwamba n'kumutchula dzina.

Mfundo yachiwiri, ndime 5 mpaka 7: Yesu anadziitanira kunyumba kwa Zakeyu iye asanakonze kanthu. Mizere 2 ndi 6 ikupeza malo muno. Kudedwa kwa okhometsa msonkho sikulinso phunziro la mbiri loima palokha, kukufotokoza chifukwa chimene anthu onse anang'ung'udzira kuti wakalowa kwa munthu wochimwa. Ndipo Zakeyu sanali wokhometsa wamba, Luka akuti anali mkulu wawo, ndiponso wolemera.

Mfundo yachitatu, ndime 8 ndi 9: kulandiridwa kunatsegula dzanja la Zakeyu. Mzere 8 ukukhala pano, ndipo kuchoka apa kupita ku pempho ndi phazi limodzi lokha.

Pali njira ziwiri zoyesera mfundo zanu. Yoyamba, sinthanitsani malo awo. Ngati mungaike yachitatu poyamba ulaliki osawonongeka, muli ndi milu itatu yoyandikana, simuli ndi makwerero. Pa Zakeyu kusinthanitsako kumaononga zonse, chifukwa mukayamba ndi kubweza n'kumalizira ndi kulandiridwa, mwaphunzitsa kuti Zakeyu anagula chipulumutso, pamene nkhani ikuyenda mosiyana ndi zimenezo. Yachiwiri, funsani ngati fanizo limodzi lingakwanire pa mfundo ziwiri. Likakwanira, mfundo ziwirizo ndi imodzi yovala malaya awiri, ndipo mpingo udzamva ngati mukungobwereza.

Ndinenepo pang'ono za nambala yomweyi. Utatu ndi wothandiza chifukwa womvera alibe pepala lanu m'manja ndipo sangabwerere m'mbuyo ngati mmene amachitira wowerenga. Zinthu zitatu amazisunga m'mutu popanda kuvutika. Koma si lamulo la m'Malemba. Fanizo la omanga nyumba awiri pa Mateyu 7:24-27 lili ndi mbali ziwiri, wa pathanthwe ndi wa pamchenga, ndipo mukalikakamiza kuti libale mfundo yachitatu, yachitatuyo idzakhala yochita kupeka. Ndime ikakhala ya mbali ziwiri lalikirani ziwiri. Ikakhala ndi zisanu, fufuzani ngati zina sizikukhala pansi pa zinzake, ndipo zikakana, gawani ulalikiwo masabata awiri.

Sitepe yachisanu: mafanizo

M'kati mwa mfundo iliyonse muziyenda chonchi: nenani mfundo, ionetseni pa ndime, iwalitseni ndi fanizo, kenako itembenuzireni kwa womvera. Fanizo limabwera pachitatu. Likabwera ndime isanawerengedwe, anthu amaganiza kuti mfundo yachokera m'nkhani yanu, ndipo Malemba amangokhala ngati mboni yoitanidwa mochedwa.

Amene akufuna kuona fanizo likugwira ntchito awerenge 2 Samueli 12:1-7. Mneneri Natani akuuza Davide za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka munthu wosauka. Nkhaniyo ndi yaifupi, ndime zinayi basi. Ilibe nthambi. Davide akupsa mtima n'kuweruza yekha, ndipo pomwepo Natani akumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Fanizo lanu lizikhala lotero: lalifupi, lonyamula chinthu chimodzi, ndipo likangotha mubwereze mawu a mfundo imene limaitumikira.

Pa mfundo yoyamba, mlaliki wathu akhoza kutenga mwana wosochera m'khamu la anthu. Mwanayo amathamanga uku ndi uku akulira, ndipo kwa iye zimaoneka ngati ndi iye yekha amene akufunafuna. Sadziwa kuti kholo lake linayamba kale kumufuna, mwina iye asanazindikire n'komwe kuti wasochera. Kulira kumatha pamene wamva dzina lake likuitanidwa. Ziganizo zinayi, zosakwana mphindi imodzi, kenako mubwerere: Zakeyu ankafuna kuona, koma Yesu ndi amene ankamufuna.

Mfundo yachiwiri mwina sisowa fanizo lakunja. Ingojambulani zimene zili m'ndime: khamu lili pansi pa mtengo, m'khamumo muli anthu amene akudziona kuti ndi oyenera kuchereza mlendo wotere, ndipo Yesu akusankha nyumba imene onsewo sakanafuna kuwonedwa akulowamo. Si mfundo iliyonse imene iyenera kukhala ndi nthano yake.

Pa mfundo yachitatu manambala ndi amene amalankhula. Pa Numeri 5:7, munthu wolakwira mnzake akaulula ankayenera kubweza zonse n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti wolanda ndalama 100 ankabweza 120. Zakeyu analonjeza kanayi, kutanthauza 400, ndipo palibe amene anamulamula. Mukhozanso kukumbutsa mpingo za mkulu wolemera wa pa Luka 18:18-23, chaputala chimodzi chokha m'mbuyo, amene anamva chisoni kwambiri atauzidwa kuti agulitse zake n'kugawira osauka. Olemera awiri, wina dzanja lofumbata, wina dzanja lotseguka. Koma sankhani chimodzi, manambala kapena mkulu wolemerayo. Zonse ziwiri pamodzi zidzalemetsa mfundo.

Pali zinthu zitatu zimene ndimapempha mlaliki aliyense kuti asachite ndi mafanizo, ndipo ndimazinena ndi mtima wonse. Musafotokoze nkhani yopeka ngati kuti inachitikadi, ngati ndi yongoyerekeza, yambani ndi “tiyerekeze.” Musatenge chinsinsi chimene wina anakuuzani pofuna uphungu n'kuchisandutsa chitsanzo, ngakhale mutabisa dzina, chifukwa mwini wake amadzizindikira ndipo sadzabweranso kwa inu. Ndipo chenjerani ndi nkhani yokoma kwambiri. Njira yodziwira ndi yosavuta: patapita masiku, anthu akamabwereza nkhani yanu koma osakumbuka kuti inkafotokoza chiyani, fanizo linameza mfundo. Nkhani imene mukuikonda kwambiri, imene mwakhala mukuifunira mpata, nthawi zambiri ndi imene iyenera kudikira.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: mawu oyamba, amene amalembedwa pomaliza

Simungamudziwitse mlendo kwa anthu inu musanamudziwe. N'chifukwa chake mawu oyamba amadikira mpaka zonse zitaima. Ntchito yawo ndi yochepa: kudzutsa funso limene ulaliki udzayankha, ndi kufikitsa anthu pa ndime. Popeza pempho lathu likunena za munthu amene tinamulakwira, mawu oyamba akhoza kuyambira pomwepo: “Alipo munthu amene mukamuona akubwera mumasintha njira? Sanakulakwireni iye. Mumadziwa nokha chimene chili pakati panu. Lero tikumana ndi munthu amene anali ndi anthu ambiri otere mumzinda wake, ndipo tiona chimene chinamupangitsa kuti asiye kuwazemba.” Mukatero, pofika pa pempho anthu adzamva kuti chitseko chimene munatsegula poyamba chija ndi chimene mukutseka.

Musayambe ndi kupepesa kuti simunakonzekere bwino, ndipo moni ndi zothokoza zikhale zachidule. Musalonjezenso zimene simudzapereka. Mukayamba ndi funso lokhudza imfa koma ulaliki n'kukhala wa kubweza ngongole, womvera amakhala akudikirabe yankho mpaka mutakhala pansi.

Milatho, nthawi ndi pepala lopita nalo pa gome

Malo amene mpingo umasochera kwambiri ndi pakati pa mfundo. Inu mukuona nambala 2 papepala, iwo sakuiona. Choncho lembani chiganizo cha mlatho mawu ndi mawu, chobwereza kumene mwachoka ndi kuloza kumene mukupita: “Taona kuti Yesu ndi amene ankamufuna Zakeyu. Nanga atamupeza, anamuuza kuti ayambe wakonza chiyani? Tiyeni tione ndime 5.” Milatho iwiri yotere, ndi wachitatu wolowera ku pempho.

Ngati mwapatsidwa mphindi 30, ine ndikanagawa chonchi pa Zakeyu: 2 za kuwerenga ndime, 3 za mawu oyamba, 6 za mfundo yoyamba, 6 za yachiwiri, 9 za yachitatu, 4 za pempho ndi pemphero. Yachitatu yatenga zambiri chifukwa ndi imene yanyamula pempho. Cholakwika chofala n'chosiyana ndi ichi: mlaliki amakhala ndi mphamvu zonse poyamba, amathera mphindi 15 pa mfundo yoyamba, yachitatu n'kuidutsa mothamanga. Kuti mudziwe ngati zili choncho kwa inu, lalikirani ulaliki wonse mokweza muli nokha, wotchi ili patsogolo, n'kulemba mphindi imene mwafikira pa mlatho uliwonse. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa pakamwa pamachedwa kuposa maso.

Pepala lomaliza likwane tsamba limodzi. Pamwamba chiganizo chachikulu chija. Pansi pake ziganizo ziwiri zoyambirira za mawu oyamba, zolembedwa zonse. Kenako mfundo zitatu m'zilembo zikuluzikulu ndi ndime zake, fanizo lililonse likhale mawu awiri kapena atatu ongokukumbutsani, monga “mwana wosochera” kapena “120 ndi 400.” Milatho ndi pempho zilembedwe zathunthu, pakuti amenewa ndi malo amene munthu akachita mantha amayamba kuzungulira.

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa zolankhula zimene si ulaliki. Amene akukalankhula kwa makolo kuti ana asamajombe kusukulu alibe ndime ya m'Baibulo yoyesera mizere yake, koma ali ndi cholinga cha msonkhano, ndipo mzere uliwonse auyese pa cholingacho. Pempho lake likhale chinthu chimodzi chimene kholo lingachite, ndipo mfundo zake zikhale zifukwa zimene zingafikitse khololo pa kuvomera.

Chinthu chotsiriza choti muchite musanapinde pepala: ikani kachizindikiro pambali pa zimene mungasiye ngati nthawi itachepa, pakuti zimachitika kuti mwakonzekera mphindi 30 koma pulogalamu yatalika ndipo akunong'onezani kuti mwatsala ndi 20. Pa Zakeyu, choyamba kuchoka ndi fanizo la mwana wosochera, chifukwa ndime 5 imamveka yokha. Chachiwiri ndi kufotokoza kwakutali kwa okhometsa msonkho, kumene kungathe m'ziganizo ziwiri. Mawu oyamba atsike kufika pa mphindi imodzi ndi theka. Mfundo yachitatu ichepe pang'ono chabe, manambala a 120 ndi 400 akhalebe, ndipo mphindi 4 za pempho musazikhudze.